Ramu, sola, injini kapena ngalande: madzi a m'khwawa akwere bwanji kumunda wakumtunda?

Kumadera a mapiri monga Dedza, Ntcheu, Zomba, Mulanje ndi Thyolo kuli vuto limodzi lodziwika bwino. Khwawa likuyenda chaka chonse, madzi ali mbwee, koma ali pansi. Munda wabwino, nyumba ndi khola zili kumtunda. Pakati pake pali chitunda chimene amayi ndi ana amakwera ndowa zili pamutu, ulendo ndi ulendo, mpaka khosi kuuma. Njira zokwezera madziwo zilipo zingapo, ndipo imodzi mwa izo anthu ambiri sanaionepo: pampu yotchedwa ramu, imene simwa petulo, sifuna magetsi kapena dzuwa, ndiponso palibe woipalasa. Imagwira ntchito ndi mphamvu ya madzi omwewo amene ikukweza.

Ine ramu ndimaikonda kwambiri, koma sindingakuuzeni kuti ithandiza aliyense. Pali malo amene imaposa njira zina zonse, ndipo pali malo amene kuigula n'kutaya ndalama. Chimasiyanitsa malo awiriwa ndi miyezo itatu yokha, imene mungaipeze nokha ndi ndowa, wotchi ya pafoni ndi kapaipi koonekera mkati. Tisanafike pamenepo, tiyambe taona mmene imagwirira ntchito, chifukwa wosamvetsa kagundidwe kake sangathe kuiyerekeza ndi zinzake.

Chimachitika n'chiyani mkati mwake

Ngati munatsekapo mpopi wothamanga kwambiri mwadzidzidzi, munamva paipi ikulira "gu!" m'khoma. Madzi amene amathamanga aja aimitsidwa kamodzin'kamodzi, ndipo popeza madzi sapanikizika ngati mpweya, mphamvu yawo yonse yagunda makoma a paipi. Kwa amisiri a mipopi kugunda kumeneku ndi mdani, chifukwa kumaphulitsa mapaipi. Ramu inangotenga mdani ameneyu n'kumulemba ntchito. Dzina lakenso linachokera pomwepo: m'zinenero za kumene inapangidwira, mawuwa amatanthauza nkhosa yamphongo, ija imabwerera m'mbuyo pang'ono kenako n'kudzagunda ndi mutu.

Paipi yoyamba, imene tiitche yogwetsera, imatenga madzi pamalo okwera pang'ono a khwawa n'kutsetsereka nawo mpaka pa pampu. Pa pampupo pali mavalavu awiri basi, ndipo ndi okhawo amene amasuntha. Yoyamba ndi valavu yotaya, imene imakhala yotsekuka chifukwa cha kulemera kwake. Madzi akamatsika amatulukira pamenepo n'kumatayika pansi, ndipo akamatuluka liwiro lawo m'paipi limanka likukula. Liwirolo likafika pena pake, madzi amaikoka valavuyo n'kuitseka phwa! Madzi onse a m'paipi yogwetsera, amene amathamanga ngati chitsulo chimodzi chachitali, asowa kolowera. Njira yokhayo imene yatsala ndi valavu yachiwiri, yosabweza, imene imalola madzi kulowa koma osatulukanso. Kugunda kuja kumaikankha, madzi pang'ono amalowa m'botolo limene lili pamwamba pake, kenako valavuyo imatsekeka.

M'botolomo muli mpweya. Madzi akalowa amaufinya, ndipo mpweyawo pofuna kubwerera m'malo mwake umakankha madziwo mosalekeza kulowa m'paipi yachiwiri, yokwezera, yopita kumtunda. N'chifukwa chake pansi pampu imagunda modukizadukiza koma kumtunda madzi amatuluka mwakachetechete ngati mpopi wotsegulidwa pang'ono. Pamene izi zikuchitika, madzi a m'paipi yogwetsera amadzuka n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, monga nkhosa ija. Kubwererako kumachotsa mphamvu imene inatseka valavu yotaya, valavuyo imagwa n'kutsekuka, madzi amayambanso kuthamanga. Zonsezi zimatenga sekondi imodzi kapena iwiri. Ramu zambiri zimagunda pakati pa maulendo 30 ndi 100 pa mphindi, usana ndi usiku.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1772 John Whitehurst wa ku Mangalande anapanga chipangizo chofanana nacho, koma chinkafuna munthu woti azitsegula ndi kutseka mpopi. Amene anapanga yodzigundira yokha ndi Joseph Michel Montgolfier wa ku Falansa mu 1796, yemwe uja amene iye ndi m'bale wake anatchuka ndi chibaluni chouluka ndi mpweya wotentha. Ankafuna kukweza madzi pafakitale yake ya mapepala. Kuyambira pamenepo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni.

Chimene muyenera kuchigwira bwino ndi ichi: ramu sipanga mphamvu, imangosinthanitsa. Madzi ambiri amagwa pang'ono kuti madzi ochepa akwere kwambiri. Ochulukawo amatuluka pa valavu yotaya n'kubwerera m'khwawa. Wokuuzani kuti ramu idzakweza khwawa lonse kumunda kwanu, kapena kuti idzatunga madzi a pachitsime kapena padziwe losayenda, akukunamizani.

Malo amodzi, tiwayeze

Tiyerekeze munda uli pachitunda cha kumapiri a Ntcheu, khwawa lili m'munsi mwake. Muyezo woyamba ndi wa kuchuluka kwa madzi, ndipo uyenera kuchitika mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, chifukwa madzi a mu Epulo amanyenga. Tchingani khwawa ndi matumba a mchenga kuti madzi onse azidutsa pa kachidutswa ka paipi, muikepo ndowa ya malita 20, muwerenge masekondi. Tinene kuti yadzaza pa masekondi 10. Ndiye kuti khwawalo likupereka malita 120 pa mphindi. Sitidzatenga onse, titenge theka, malita 60.

Muyezo wachiwiri ndi kagwedwe ka madzi, kuchokera pamene mudzawatengere kufika pamene padzakhale pampu. Apa maso amanama kwambiri. Gwiritsani ntchito kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, kaja amisiri omanga nyumba amalinganizira maziko, muzitsika nako pang'onopang'ono mukulemba kusiyana kwa msinkhu. Tinene kuti tapeza mamita 3. Muyezo wachitatu, ndi kapaipi komweko, ndi kukwera kuchokera pa pampu kufika pakamwa pa thanki kumtunda: mamita 24, pa mtunda wa mamita 200. Tiwonjezerepo mita imodzi chifukwa madzi amakhuzana ndi makoma a paipi, akhale mamita 25.

Masamu ake ndi awa:

```
q = e × Q × h ÷ H
```

Apa Q ndi madzi olowa m'pampu, h ndi kagwedwe, H ndi kukwera, ndipo e ndi gawo la mphamvu limene pampu imatha kuligwiritsa ntchito, poti ina imatayika ndithu. Pa ramu yopangidwa bwino kufakitale, e amakhala pafupifupi 0.6. Ndiye 0.6 kuchulukitsa ndi 60, kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 25, tikupeza malita 4.3 pa mphindi.

Anthu ambiri akamva nambala imeneyi amagwa mphwayi. Pa ndowa 14 zolowa m'pampu, imodzi yokha ndiyo ikufika kumtunda, ndipo ndowa ya malita 20 ikutenga pafupifupi mphindi zisanu kuti idzaze. Koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndipo ramu sigona. Pakutha pa tsiku mwalandira malita pafupifupi 6,200, ndowa zoposa 300 zimene palibe anazisenza. Masamba nthawi yotentha amafuna malita pafupifupi 5 patsiku pa kachigawo ka mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, choncho madzi amenewa athirira tizigawo 1,200, kuchepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a ekala. Ndi dimba la tomato, kabichi ndi anyezi lokwanira banja kudya ndi kugulitsa. Si munda wa chimanga wa maekala awiri.

Tsopano malo omwewa tiwayese ndi njira zina.

Yambani mwafunsa ngati madzi angabwere okha

Musanagule pampu iliyonse, yendani chokwera khwawalo. Ngati penapake kumtunda madzi ali pamwamba kuposa munda wanu, angathe kubwera okha kudzera m'ngalande kapena m'paipi. Kuno kwathu njira imeneyi tikuidziwa kale. Mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri inayambira kwa Chingale ku Zomba mu 1968, kenako n'kufalikira ku Mulanje ndi madera ena, ndipo alimi ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu amapatutsa mitsinje ndi ngalande zokumba okha.

Pamalo athu aja, thanki ili mamita 21 pamwamba pa pamene ramu ikanatengera madzi. Ngati khwawa ndi lotsetsereka kwambiri moti mutayenda mamita 300 okha mwakwera kale kupitirira msinkhu wa thanki, iwalani za ramu. Paipi yaikulu bwino idzakubweretserani malita 60 onse aja pa mphindi, kutanthauza malita 86,400 patsiku, kuchulukitsa ka 14 zimene ramu ikanapereka, popanda valavu yoti ithe. Palibe pampu ingapikisane ndi zimenezi. Koma ngati khwawalo limatsika mita imodzi pa mamita 40 alionse, mudzafunika paipi ya pafupifupi kilomita, yodutsa m'minda ya eni ake, imene moto wolusa, makasu ndi akuba adzaipeza. Pamenepo ramu yayamba kumveka.

Thiredo

Pampu yopalasa ndi miyendo inagawidwa kwambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 2000, ndipo m'madimba a m'dambo imathandizadi: imayamwa madzi pachitsime chosazama, imanyamulika, madzulo mumakaisunga m'nyumba. Koma siingayamwe madzi ozama kupitirira mamita pafupifupi 7, ndipo ngakhale ija yotha kukankhira kumtunda imathera pa mamita pafupifupi 14 mukaphatikiza kuyamwa ndi kukankha. Pa chitunda chathu cha mamita 24 yagwa kale. Ngakhale ikanafika, kukweza malita 6,200 pa msinkhu umenewo ndi ntchito yoti munthu wamphamvu apalase maola asanu ndi atatu kapena kuposa, tsiku ndi tsiku. Thiredo ndi ramu sizilimbirana malo. Kumene ina ikukwana, inayo nthawi zambiri siingagwire n'komwe.

Injini ya petulo

Injini yaing'ono ya mainchi awiri ndi imene alimi ambiri amailakalaka, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ukailiza, madzi amatuluka ngati mtsinje. Pa katoni yake amalemba malita 500 kapena 600 pa mphindi, ndi kukwera kwa mamita pafupifupi 30. Chimene salemba n'chakuti ziwirizi sizichitikira pamodzi. Malita 600 aja ndi a pamalo athyathyathya. Ikamayandikira mamita 30, madzi amachepa mpaka kutheratu. Pamalo athu ingapereke gawo lochepa chabe la zolembedwazo, ndipo kuti ifikitse malita 6,200 ingalire ola limodzi kapena kupitirira, n'kumwa petulo pafupifupi lita imodzi. Pa miyezi isanu ya chilimwe ndi malita pafupifupi 150, osawerengera oyilo, ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira petulo akasowa: tomato sadikira kuti mzere wa pamalo omwetsera mafuta uthe.

Palinso zina ziwiri. Injini imafuna paipi yokwezera yaikulu, ya mainchi awiri, mamita 200 onse aja, pamene ramu ikukhutira ndi ya inchi imodzi. Chinanso, imayamwa mofulumira kuposa mmene khwawa laling'ono limabweretsera madzi, choncho imaphwetsa dziwe, kuyamwa matope, ndi kusiya a kumunsi akuyang'ana miyala. Komabe ngati muli m'mbali mwa mtsinje waukulu woyenda mwaulesi, munda ndi waukulu ndipo msika ulipo, injini ndi imene ingakwanitse ntchitoyo, osati ramu.

Sola, mpikisano weniweni

Masiku ano amene akulimbana ndi ramu kwenikweni ndi pampu ya sola. Kuti mukweze malita 6,200 omwe aja pa mamita 25, panelo ya mawati pafupifupi 300 ndi pampu yaing'ono yoyenerera zingakwanitse patsiku la dzuwa labwino. Sola ili ndi mwayi waukulu umene ramu ilibe: sifuna kuti madzi azigwa. Imagwira pachitsime, padziwe, panyanja, ku Chikwawa ndi Nsanje, m'chigwa cha Chilwa, m'madambo a Lilongwe ndi Kasungu, konse kumene ramu ingangokhala duu. Sitayanso madzi: kasupe wopereka malita 10 pa mphindi sangayendetse ramu yoti n'kuthirira dimba, koma mutamusonkhanitsa m'dziwe usiku wonse, sola idzakweza pafupifupi onsewo masana. Ndipo mukafuna madzi ochuluka mumangowonjeza mapanelo ndi kukulitsa pampu, pamene ramu malire ake anaikidwa kale ndi khwawa.

Nanga ramu imapambana pati? Choyamba, pa kukonza. Pampu ya sola ikapsa mota kapena kabokosi kake ka magetsi, m'mudzi mulibe woikonza, ndipo kawirikawiri mumangogula ina. Ramu ikadwala, matenda ake ndi labala yotha, imene mungadule kuchokera ku tayala lakale, kapena bawuti yomasuka. Chachiwiri, pa nyengo. Kumadera kumene ramu imakwana, monga Mulanje, Thyolo ndi Zomba, n'kumenenso chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo otsatizana mu Juni ndi Julayi, nthawi imene mbewu za m'dimba zili zanthete. Chachitatu, pa akuba. Panelo ili ndi msika paliponse, chifukwa aliyense akufuna kutchaja foni. Ramu yomangidwira pa simenti ndi yolemera ndipo ogula ake ndi ochepa, ngakhale ogula zitsulo zakale ndi oyenera kuwakumbukira, choncho kanyumba kokhoma n'kofunikabe.

Kuweruza kwanga n'kotere. Ngati kagwedwe kakufika mamita awiri kapena kuposa, khwawa siliphwa, ndipo kukwera sikupitirira kagwedweko kuchulukitsa ka 10 kapena ka 15, sankhani ramu. Ngati kagwedwe sikakufika mita imodzi, kapena madzi ndi ochepa moti simungalole kuti ena atayike, pitani ku sola musataye nthawi.

Mwasankha ramu: yogula kapena yolumikiza nokha?

Pali ramu zachitsulo zopangidwa kufakitale kapena kwa amisiri owotcherera amene anaphunzira ntchitoyi, ndipo pali zolumikiza nokha ndi zida za m'sitolo ya mipopi: mavalavu awiri amkuwa osabweza madzi, imodzi yoikidwa chadodolido kuti ikhale yotaya, zolumikizira zingapo, ndi chidutswa cha paipi yaikulu chotsekedwa pamwamba kuti chikhale botolo la mpweya. Yolumikiza nokha ndi yotsika mtengo kwambiri ndipo ndi sukulu yabwino. Koma e wake amakhala wotsika, mwina 0.35. Pamalo athu ndiye kuti malita 2.5 pa mphindi, kapena 3,600 patsiku, m'malo mwa 6,200. Chinanso, valavu yamkuwa ija sinapangidwire kugunda. Ikamagunda ka 60 pa mphindi, patsiku yagunda ka 86,400, ndipo kachitsulo kamene chitseko chake chimazungulirapo kamadyeka msanga. Sungani ina yapadera. Pa kukwera kochepa, kwa banja limodzi, ndi yokwanira. Pa mudzi wonse, kapena pa kukwera kwa mamita 40 kapena 50, gulani yachitsulo yokhala ndi valavu yotha kusinthidwa, ndipo pewani botolo la pulasitiki, chifukwa likaphulika lili ndi mpweya wofinyika limamwaza zidutswa zakuthwa.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa paipi yogwetsera, chifukwa ramu zambiri zimene zinalephera sizinalephere chifukwa cha pampu. Paipi imeneyi si njira ya madzi chabe. Ndiyo injini yeniyeni. Madzi othamanga mita imodzi pa sekondi akaimitsidwa mwadzidzidzi m'paipi yachitsulo, kugunda kwake kungafanane ndi kulemera kwa madzi oimirira mamita oposa 100. M'paipi yakuda ya pulasitiki, ija yopindika imene imagulitsidwa yokulunga, kugunda komweko kumangofika mamita 30 kapena 40, chifukwa paipiyo imafufuma n'kumeza mphamvuyo. Zili ngati kukhoma msomali ndi nyundo yokutidwa nsanza. Anthu amaigula chifukwa ndi yotchipa, kenako amadabwa kuti pampu ikugunda bwinobwino koma madzi akuthera pakati pa chitunda. Paipi yotuwa ya pulasitiki yolimba, yamakoma ochindikala, ili pakatikati: imagwira pa kukwera kochepa ngati mwaikwirira kuti dzuwa lisaiwononge. Pa mamita 25 athu aja ine ndingagule yachitsulo.

Kutalika kwake kulinso ndi malire. Ikafupika kwambiri, madzi ogunda amakhala ochepa ndipo valavu imangophethira popanda mphamvu. Ikatalika kwambiri, madzi amachedwa kutenga liwiro. Lamulo limene amisiri amatsata n'lakuti kutalika kukhale pakati pa kukula kwa kamwa lake kuchulukitsa ka 150 ndi kuchulukitsa ka 1,000. Pa paipi ya mainchi awiri, amene ndi mamilimita 50, ndiye kuti pakati pa mamita 7.5 ndi 50. Mapaipi achitsulo amagulitsidwa a mamita 6, choncho atatu, mamita 18, akukwana bwino pa kagwedwe ka mamita 3. Ikhale yowongoka, yotsetsereka njira yonse popanda linunda pamene mpweya ungabisale, ndipo imangidwe zolimba kuti isamavine. Nanga ngati khwawa ndi lotsika pang'onopang'ono moti mamita 3 aja mukuwapeza pa mtunda wa mamita 100? Musatalikitse paipi yogwetsera. Bweretsani madzi ndi ngalande kapena paipi wamba yaikulu, yoyenda chopingasa m'mbali mwa chitunda, mpaka mu kathanki kapena mgolo umene uli pamwamba pa pampu, ndipo paipi yachitsulo iyambire pamenepo. Kathankiko kamathandizanso kuti mchenga ukhazikike usanalowe m'mavalavu. Pakamwa pa paipi pakhale sefa, ndipo pazikhala pomira masentimita 30 kapena kuposa kuti isayamwe mpweya.

Paipi yokwezera ilibe nkhani zambiri. Yakuda ija apa ndiye pake, bola ikhale yotha kupirira msinkhuwo. Kukula kwake kukhale theka la yogwetsera. Musaichepetse kufika theka la inchi pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa pa mamita 200 mudzataya mamita anayi kapena kuposa pa kukhuzana kokha. Thanki ya malita 5,000 ikwana, poti usiku umodzi wa maola 12 umabweretsa malita pafupifupi 3,100.

Kuiyambitsa, ndi kumva chimene ikunena

Tsiku loyamba ramu imaoneka ngati yakana. Mukatsegula madzi, valavu yotaya imatseka kamodzi n'kukhala chomwecho. Si kuwonongeka. Paipi yokwezera ikadali yopanda madzi, choncho palibe chokankha mobweza, ndipo popanda chimenecho madzi sadzuka kubwerera m'mbuyo kuti valavu itsekuke. Ikanikizeni ndi dzanja kapena phazi, isiyeni itseke, ikanikizeninso, mwina maulendo makumi angapo, mpaka mpweya wonse utatuluka m'paipi yogwetsera ndipo madzi atakwera mokwanira. Kenako mudzangomva yayamba yokha. Ngati pa paipi yokwezera pali mpopi, utsekeni poyamba, ndipo muutsegule pang'onopang'ono pampu ikayamba kudzigundira. Pa chifukwa chomwechi, ramu imavuta kugwira ngati kukwera kuli kochepa kwambiri, kosafika kagwedwe kuchulukitsa kawiri kapena katatu.

Ikakhazikika, khutu lanu ndilo dokotala. Ikaima valavu yotaya ili yotsekuka, madzi akungotuluka mofooka, ndiye kuti madzi sakufika pa liwiro loti aitseke: onani masamba pa sefa, onani ngati khwawa latsika, kapena ngati valavu yalemera kwambiri. Ikaima ili yotseka, kawirikawiri mpweya walowa m'paipi yogwetsera, kapena paipi yokwezera yabooka chapafupi moti chokankha mobweza chija chatha. Ikamagunda koma kumtunda kuli gwa, ganizirani valavu yosabweza: labala yake ikatha, madzi amalowa m'botolo n'kubwereranso.

Kulira koopsa kwambiri ndi kuja kwachitsulo, kouma, pamene pampu yonse ikunjenjemera, paipi yokwezera ikudumpha ndipo kumtunda madzi akutuluka molavula. Ndiye kuti m'botolo mwatha mpweya. Mpweya wofinyika umasungunuka m'madzi pang'onopang'ono n'kupita nawo kumtunda, ndipo botolo likadzaza madzi palibenso chofewetsa kugunda. Mukaisiya choncho imathyola zolumikizira. Ramu zabwino zili ndi kabowo kakang'ono, ka milimita imodzi kapena kuchepera, m'munsi pang'ono mwa valavu yosabweza. Pa kugunda kulikonse kamalavula timadzi, kenako pa kubwerera kuja kamayamwa kampweya kolowa m'botolo. Kakatsekeka ndi dothi, katokoseni ndi kawaya. Olumikiza okha ambiri m'malo mwa kabowo amaika chubu cha njinga chopopedwa pang'ono mkati mwa botolo, kuti mpweya usakhudzane ndi madzi. Zimagwira, mpaka chubucho chitabooka. Kabowoka ndi chifukwa chinanso chimene pampu isamamire: imangeni pamwamba pa pamene madzi osefukira a mu Janyuwale ndi Febuluwale amafika, ngakhale kutero kukudyereni theka la mita pa kagwedwe, ndipo mukumbe kangalande kobwezera madzi otayika m'khwawa.

Zinthu ziwiri zimene ramu siichita. Siyeretsa madzi: a m'khwawa akakwera kumtunda ndi a m'khwawabe, ofunika kuthira kolorini kapena kuwiritsa musanamwe. Ndipo sikupatsani khwawa kuti likhale lanu. N'zoona kuti pa malita 60 aja, pafupifupi 56 amabwerera mumtsinje, zimene zimapangitsa ramu kukhala mnansi wabwino kuposa injini. Komabe pakati pa potengera ndi pa pampu madzi amachepa, choncho kambiranani ndi amene amatunga kapena kumwetsa ziweto pamenepo, a mfumu adziwe, ndipo pa ntchito yokulirapo kuposa ya pakhomo funsani ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu za chilolezo chimene lamulo la zamadzi la 2013 limafuna.

Chotsala ndi kuitchuna mogwirizana ndi nyengo. Valavu yotaya mukaiwonjezera kulemera, kapena kutalikitsa mpata umene imayenda, imachedwa kutseka: pampu imagunda mwapang'onopang'ono koma mwamphamvu, imadya madzi ambiri ndipo imakweza ambiri. Mukaipepukitsa kapena kufupikitsa mpatawo, imagunda mofulumira, imadya ochepa ndipo imakweza ochepa. Mu Meyi ndi Juni, khwawa likadali lodzaza, ilemeretseni. Chaka cha chilala, khwawa lathu lija likatsika moti mungatengeko malita 35 okha pa mphindi, fupikitsani mpata mpaka madzi a pamene paipi yogwetsera ikuyambira atasiya kutsika. Masamu aja akupatsani malita 2.5 pa mphindi, 3,600 patsiku, okwanira tizigawo pafupifupi 700 m'malo mwa 1,200. Ngati mvula ya chaka chimenecho inadula msanga, mabedi a tomato amene adzafune madzi mu Okutobala muwayeze ndi nambala yachiwiriyi pamene mukufesa nazale mu Julayi.